Wi-Fi ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz: ndilumikize iti?

"Abale, rauta yanga ikuonetsa maina awiri a Wi-Fi, lina lili ndi 5G kumapeto. Ndikakhala pabalaza la 5G limathamanga kwambiri, koma ndikangolowa kuchipinda chogona limaduka, pomwe linalo likugwira ndithu. Rautayi yawonongeka kodi? Nanga ndizigwiritsa ntchito liti?"

Achimwene, rauta yanu ili bwinobwino, musathamangire kugula ina. Ndipo 5G yalembedwa pa dzinalo si 5G ya makampani a foni ayi, ikungotanthauza 5 GHz, mtundu wa mafunde a wailesi amene rauta imatumizira Wi-Fi. Dzina linalo ndi la mafunde a 2.4 GHz.

Nkhani yagona pa kutalika kwa mafunde. Funde la 2.4 GHz ndi lotalika masentimita pafupifupi 12, pomwe la 5 GHz ndi pafupifupi 6. Funde lalifupili limafooka msanga. Ngakhale pabwalo popanda chotchinga chilichonse, foni ikakhala pa mtunda womwewo imatola mphamvu ya 5 GHz yocheperako kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi ya 2.4 GHz. Ndiye pakati pakabwera khoma, kusiyanako kumakula, chifukwa njerwa ndi konkire zimameza 5 GHz kwambiri kuposa inzakeyo. Chitseko chathabwa sichivuta kwenikweni. Khoma la konkire lokhala ndi zitsulo mkati, firiji, kapena galasi lalikulu lodziyang'anira, izo ndiye adani enieni.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. 5 GHz imathamanga chifukwa msewu wake ndi waukulu: kawirikawiri tchanelo chake ndi cha 80 MHz, pomwe cha 2.4 GHz ndi cha 20 MHz. Koma mphamvu ya rauta imamwazikana mu msewu wonsewo, choncho kuti liwirolo litheke pamafunika siginolo yamphamvu. Ikafooka, foni ndi rauta zimatsitsa liwiro pang'onopang'ono mpaka kulekana. 2.4 GHz imayamba ndi liwiro lochepa kale, koma imapirira mpaka kutali.

Ine kunyumba ndinasiya kukhulupirira timizere ta pakona pa foni, ndinayeza. Pali mapulogalamu aulere a pa Android oonetsa mphamvu ya siginolo mu dBm. Manambala ake amakhala ndi chizindikiro chochotsera, ndipo yoyandikira ziro ndiyo yamphamvu: -50 ndi yabwino kwambiri, -67 ikadali yokwanira kuonera vidiyo, -80 ndi yongovutikira. Pabalaza, pafupi ndi rauta, zonse ziwiri zinali cha m'ma -45. Kuchipinda, kuseri kwa makoma awiri a njerwa, 2.4 GHz inali pa -64 koma 5 GHz inatsika kufika -79. Kusiyana kwa 15 kumaoneka kochepa, komatu kutsika kulikonse kwa 3 kumatanthauza kuti mphamvu yatsala theka. Ndiye kuti 5 GHz imafika kuchipindako ili yofooka koposa ka 30. N'zosadabwitsa kuti inkaduka.

Ngati muli ndi laputopu ya Windows, lembani izi mu Command Prompt mutakhala pamalo pomwe mumagwirira ntchito:

```
netsh wlan show interfaces
```

Yang'anani `Channel` ndi `Receive rate (Mbps)`. `Receive rate` ndi liwiro la pakati pa laputopu ndi rauta. Tchanelo cha pakati pa 1 ndi 13 ndi 2.4 GHz, kuyambira 36 kupita m'mwamba ndi 5 GHz.

Tsono musaganize kuti 2.4 GHz ilibe mavuto ake. Kufika patali komweko ndi kumene kumaipweteka, chifukwa ma rauta a anthu oyandikana nanu nawonso amalowa m'nyumba mwanu. Matchanelo osapondana alipo atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo Bluetooth ndi mayikulowevu zimagwiranso ntchito momwemo. Mukaona timizere tonse tadzaza koma intaneti ikukwawa, makamaka madzulo aliyense ali panyumba, vuto si mtunda, ndi kuchulukana. Lowani m'makonzedwe a rauta, sankhani chimodzi mwa zitatuzo chimene chili ndi anthu ochepa, ndipo `Channel Width` ya 2.4 GHz muisiye pa 20 MHz. Ena amaikweza kufika 40 poganiza kuti ithamanga, koma pamalo podzadza amangodziwonjezera phokoso.

Mmene ndingakulangizireni ine: TV, laputopu ndi chilichonse chokhala chipinda chimodzi ndi rauta, kapena kuseri kwa khoma limodzi, chikhale pa 5 GHz. Kuchipinda kwanuko lumikizani 2.4 GHz, ndipo musadandaule kuti mukuluza. Ngati intaneti imene mumalipira ndi ya 20 Mbps, 2.4 GHz ya siginolo yabwino imatha kuinyamula yonse. Liwiro lalikulu la 5 GHz limathera pakati pa foni ndi rauta basi. Foni muiuze maina onse awiri kuti ikataya lina izigwira linalo.

Musanasinthe chilichonse, onani kaye pomwe rautayo yakhala. Ngati ili pansi kuseri kwa TV kapena m'kabati, ikwezeni pa shelefu poonekera, chapakati pa nyumba. Ine nditaisuntha mamita atatu okha kuti iyang'anane ndi khomo la kuchipinda, khoma limodzi linachoka panjira ndipo 5 GHz inakwera kufika -68, n'kusiya kuduka.