Juwisi wa chinanazi wosungunula ndi madzi: musamuumire shuga

"Ndinapanga juwisi wa chinanazi woti tizisungunula ngati Sobo. Pa malita awiri ndinathira makapu awiri a shuga, n'kuika m'mabotolo apulasitiki otsuka bwino. Tsiku lachinayi anali atachita thovu ndipo akununkha mowa. Ndinalakwitsa pati, amayi anzanga?"

Achemwali, shuga anachepa kwambiri. Makapu awiri sakwana ngakhale theka la kilogalamu, ndiye pa malita awiri munangokonzera yisiti phwando. Yisiti amakhala kale pa khungu la chipatso, pa mpeni ndi m'botolo momwemo. Akapeza madzi otsekemera pang'ono amadya shugayo n'kutulutsa mpweya ndi mowa, lomwe ndi thovu munaonalo. Koma shuga akachuluka amamanga madzi, tizilomboto n'kusowa pomwera.

Muyezo womwe ndimatsatira ine ndi kilogalamu imodzi ya shuga pa lita imodzi ya madzi a chipatso osefa, osathirako madzi apampopi ngakhale pang'ono. Paketi yathunthu ya 1 kg, inde. Mukalawa muona ngati mwaonjeza, koma kumbukirani kuti pomwa muzithira gawo limodzi la juwisi m'magawo anayi kapena asanu a madzi. Pa muyezo umenewu shuga amakhala pafupifupi theka la kulemera kwa juwisi yense. Thekali palokha silikwanira kuletseratu yisiti, pamafunika magawo awiri mwa atatu, ndipo pamenepo mwapanga manyuchi olemera omwe ana okha ndiwo angakondwere nawo. N'chifukwa chake shuga timamuthandiza ndi mandimu komanso moto.

Tengani zinanazi ziwiri zikuluzikulu zakupsa bwino, zopanda pofewa kapena pakuda. Sendani, sinjani kapena gayani, n'kusefa pa nsalu yoyera mpaka lita ikwane. Finyiranimo mandimu atatu kapena anayi, madzi ake afike 100 ml. Kuwawasa kumaletsa mabakiteriya oopsa, ndipo mukadzapanga wa mango akupsa, omwe sawawasa kwenikweni, musadzayerekeze kusiya mandimu. Thirani shuga, ikani pa moto wochepa m'poto wa sitilo, osati wa aluminiyamu chifukwa zowawasa zimamudya ndipo juwisi amamveka chitsulo. Takasani mpaka shuga asungunuke, awire pang'onopang'ono mphindi zisanu, muziwaula thovu pamwamba. Mukawiritsa nthawi yaitali fungo la chinanazi limathawa. Mupeza lita imodzi ndi theka n'kapamwamba, mabotolo atatu a 500 ml ndi kotsala kolawa.

Tsono nkhani ya mabotolo. Kutsuka ndi sopo kumachotsa litsiro, koma yisiti amatsala, makamaka m'mizere ya chotsekera. Apulasitiki simungawawiritse, amakwinyika, choncho funani agalasi okhala ndi zotsekera zachitsulo zopotokola, zopanda dzimbiri, zomwe kampira kam'kati kadakali kabwino. Yalani kansalu pansi pa poto wamkulu, ikani mabotolo m'madzi ozizira mpaka amire, ndipo madzi akayamba kubwata werengani mphindi 15. Ambiri amati mphindi 10, koma kumalo okwera ngati Lilongwe ndi Mzuzu madzi amawira asanafike madigiri 100, ndiye ndi bwino kuonjezera. Zotsekera, fanelo ndi chikho chothirira zilowenso m'madzi otenthawo. Mukavuula musapukute ndi nsalu ya mbale. Ine ndinataya mabotolo asanu a juwisi wa magwafa chifukwa cha kansalu kameneko, onse anamera chuku pakhosi.

Thirani juwisi ali wotentha m'botolo lotentha, chifukwa galasi lozizira limang'aluka. Siyani mpata wa masentimita awiri pamwamba, pukutani pakamwa ndi kansalu kowiritsa, tsekani. Ngati furiji mulibe, kapena magetsi kwanuko ndi ongobwera n'kupita, bwezerani mabotolo otsekawo m'madzi otentha, amire, awire mphindi 20. Kuwiritsa kwachiwiriku n'komwe kumapha zomwe zinalowa pothira. Akazizira, chotsekera chimalowa m'kati pang'ono pakati pake. Chomwe chikudidizika n'kubwerera sichinagwire, botolo limenelo muyambe kumwa lomwelo.

Otseka bwino amakhala miyezi ingapo pamalo ozizira, opanda dzuwa. Mukatsegula, m'furiji musapitirire masabata atatu, ndipo popanda furiji malizani m'masiku ochepa. N'chifukwa chake ndimakonda mabotolo ang'onoang'ono. Zotsalira za chipatso zikakhazikika pansi si vuto, ingokhutchumulani. Koma chotsekera chikatupa, botolo likalira "tsii" potsegula, kapena mukaona chuku ngakhale kadontho, tayani lonse, musachotse pamwamba pokha. Uja wachita thovu kale musamuwiritsenso, fungo la mowa silichoka.