Kalata yopemphera sikolashipu, pamene ntchito yodziwika sunagwirepo

Funso: "Anzanga mugulu muno ndithandizeni nzeru. Ndine mtsikana wa kwa Mkanda ku Mchinji, ndinamaliza digiri ya zaulimi ku Bunda ndipo ndikufuna kuyesa sikolashipu ya masitazi koma kalata yofotokoza chifukwa chomwe andisankhire ikundivuta. Makolo anga ndi alimi wamba, ntchito sindinagwirepo kupatula intenishipu ya miyezi 6 basi, pano ndimangothandiza kulemba mabuku a kalabu ya mtedza ya mayi anga. Ndilembemo chani poti anzanga ali ndi mbiri zikuluzikulu?"

Achemwali, ine ndikuyankha kuchokera ku Kasungu konkuno, makalata otere ndawerengerako achinyamata angapo asanatumize ndiye ndilankhula mosabisa. Mawu oti "ndimangothandiza" aja afufuteni kaye mmutu mwanu, chifukwa kalabu ya mayi ija ndiye kalata yanu yonse ili pamenepo, inu mwaiika kumapeto ngati chinthu chochititsa manyazi.

Koma musanalembe kalikonse onani kaye ngati khomo lomwe mukugogoda lingakutsegulireni, poti kalata yokoma siichotsa lamulo. Sikolashipu ya Chevening ya ku Britain imafuna munthu wogwirapo ntchito zaka ziwiri atamaliza digiri yoyamba, iwo amawerenga maola 2,800, ndipo intenishipu ndi ntchito yongodzipereka amawerengera ndithu. Tiyeni tiwerengere zanu. Miyezi 6 ndi masabata 26, mukamagwira maola 40 pa sabata akukwana maola 1,040. Kukalabu tingoyerekeza kuti mumathera maola 6 pa sabata kwa zaka ziwiri, amenewo ndi 624. Kuphatikiza ndi 1,664, simunafike, ndiye kumeneko dikirani kaye, osakokera maola kuti akwane chifukwa amene adzakulembereni umboni akadzafunsidwa nkhani idzasiyana. Ambiri mwa makosi a zachitukuko a sikolashipu ya DAAD ya ku Germany nawonso amafuna zaka ziwiri. Pomwe Mastercard Foundation Scholars Program, yomwe imayendetsedwa kudzera mmayunivesite ngati Pretoria ndi Cape Town, inapangidwira dala ana ochita bwino mkalasi ochokera mmabanja osowa amene akuonetsa mtima wotumikira kwawo. Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo akeake, werengani a chaka chino pa tsamba lawo lenileni osati zomwe anthu amatumizirana mmagulu.

Tsopano kalatayo. Ambiri akwathu kuno amalemba tsamba lonse kulira umphawi, ndinkayenda wapansi kupita kusukulu, ndinkawerengera koloboyi, fizi inkavuta, kenako mzere umodzi kumapeto woti mukandithandiza ndidzatukula Malawi. Zonsezo ndi zoona, ine sindikutsutsa, koma ganizirani munthu amene wapatsidwa mulu wa makalata kuti awerenge, ochokera ku Malawi, Uganda, Ghana, ndipo pafupifupi aliyense koloboyi yemweyo. Akafika pa yanu chisoni chinamuthera kalekale, akufuna aone chomwe munachita ndi zochepa zomwe munali nazo. Za kusowa zimakhala ndi malo ake pa fomu, ena amafunsanso makalata otsimikizira momwe banja limapezera. Mkalata zipatseni mizere itatu kapena inayi, ndipo ikhale mizere yoti ikukankhira nkhani kutsogolo. Mwachitsanzo kunena kuti fizi yanu inkachokera mmatumba a mtedza, ndiye chaka chomwe mtedza unagulidwa motchipa inu munkadziwiratu kuti teremu imeneyo kuvuta. Chiganizo chimenecho chanena umphawi, chanenanso chifukwa chomwe mtedza ukukukhudzirani, basi pitirirani.

Pakati pa kalata ndi pomwe muyenera kukhalitsa. Sankhani chinthu chimodzi chomwe munachita kukalabu ndipo muchifotokoze mwadongosolo: vuto linali chani, inuyo panokha munachitapo chani, zinatha bwanji, munaphunzirapo chani. Ine zakukalabu kwanu sindinazione ndiye ndingopeka chitsanzo kuti muone kamangidwe kake, manambala muikemo anu enieni ochokera mmabuku mukusungawo.

Kulemba kofooka ndi uku: "Ndine munthu wolimbikira, wokonda alimi, ndipo ndili ndi luso la utsogoleri lomwe ndinalionetsa pothandiza kalabu ya amayi mmudzi mwathu." Apa palibe chomwe owerenga angagwire, aliyense atha kulemba zimenezi ngakhale amene sanapondeko mmunda.

Kulemba kogwirika ndi uku: "Nditayamba kusunga mabuku a kalabu ya amayi 24 ndinaona kuti wogula wathu anabweza matumba 9 mwa 40 ponena kuti mtedza unali ndi chuku. Nditayendera mamembala ndinapeza kuti ambiri ankawaza madzi mtedza kuti usavute kusenda, ena ankayanika pa dothi. Ndinapempha mlangizi wa mdera lathu kuti adzationetse kuyanika kounjika mtedza mozungulira, masamba kunja makoko mkati, ndipo tinagwirizana kuti wina aliyense asankhe mtedza woola asanabweretse. Amayi 7 anakana kusiya kuwaza madzi chifukwa kusenda mtedza wouma kumapweteka zala ndipo kumachedwa. Chaka chotsatira anabweza matumba 3, onse ochokera kwa amene anakana aja."

Mwaona kusiyana kwake eti? Mawu oti utsogoleri mulibemo koma owerenga auona okha. Ndipo amayi 7 okanawo musawabise, amenewo ndi amene akupangitsa nkhani kumveka yoona, komanso akukutsegulirani njira yopita ku ndime yotsatira, chifukwa mutha kunena kuti apa ndi pomwe nzeru zanga za digiri yoyamba zinathera, ndimadziwa kuti chuku chimabweretsa poizoni wa afulatokisini amene amawononga chiwindi komanso amatsekereza mtedza wathu kumisika yakunja, koma kuyeza kuchuluka kwake sindingathe, ndipo njira yomwe mayi wotopa angailandire osaona ngati tamuonjezera ntchito sindinaipeze. Kusadziwa kotereku sikochititsa manyazi ayi, ndiye chifukwa chake mukupempha sukulu. Munthu amene walemba ngati akudziwa kale zonse owerenga amadzifunsa kuti nanga ndalama zathu akuzifuniranji.

Chinthu china, ife tinaleredwa kuti kudzitchula ndi matama ndiye timathawira ku "tinachita, tinapanga, tinagwirizana". Mkalata iyi sikolashipu sakupereka ku kalabu, akupereka kwa inu. Pomwe munachita nokha lembani kuti ndinachita, pomwe munachitira limodzi nenani choncho, osalanda ntchito ya mlangizi kapena ya tcheya wa kalabu. Intenishipu ija muitchule mwachidule, ndi chinthu chimodzi chomwe munatengako chomwe chinakuthandizani kukalabu, zina zonse zili kale mu sivii yanu palibe chifukwa chozibwereza.

Ndime ya kosi ndi yomwe imaulula waulesi. Mukalemba kuti yunivesite yanu ndi yotchuka padziko lonse ndiye kuti simunanene kanthu, eni akewo akudziwa kale. Tsegulani tsamba la kosiyo, bandulo iwawe pang'ono, muone maphunziro omwe ali mkatimo ndipo musankhe awiri omwe akulumikizana ndi vuto la matumba obwezedwa lija, kaya ndi la kasungidwe ka mbewu zikakololedwa kaya la chitetezo cha chakudya, muwatchule ndi maina ake momwe alembedwera nkunena kuti lililonse likutsekerani mpata uti. Kayezedwe kake nkosavuta: chotsani dzina la yunivesite muikepo lina, kalata ikamamvekabe bwinobwino ndiye kuti ndimeyi simunailembe. Kalata imodzi yomwaza konsekonse imadziwika, ndipo ena amafika poiwala kusintha dzina, kutumiza ku Pretoria kalata yotamanda Cape Town.

Za mtsogolo musalonjeze kuthetsa njala mMalawi, palibe angakhulupirire. Nenani za zaka ziwiri kapena zitatu mukadzabwera, mukufuna kudzagwira ndi ndani, makopaletivi a mtedza a ku Mchinji ndi Kasungu, ofesi ya zaulimi ya boma, kapena akafukufuku ngati a ku Chitedze, ndipo mukadzachita chani chomwe munthu angabwere kudzaona ndi maso. Kenako chiganizo chimodzi cha komwe mukufuna kudzafika patsogolo. Opereka ambiri amafuna munthu wobwerera kwawo, Chevening mpaka amachita kulamula kuti ukakhale kwanu zaka ziwiri ukamaliza, ndiye inu amene muli ndi amayi akukalabu okudikirani muli ndi chifukwa chobwerera chomveka kuposa wa mbiri zikuluzikulu uja.

Pa kalembedwe, ine ndimalangiza kuti muyambe mwaifotokoza nkhaniyi pakamwa mChichewa, mujambule pa foni ngati mukuuza mnzanu, kenako ndiye muilembe mChingerezi chosavuta. Mukayambira mChingerezi mumayamba kusaka mawu akuluakulu a mdikishonale ndipo nkhani imathawa. Ziganizo zifupizifupi zilibe mlandu. Ngati anena mawu 500 musapyole, mabokosi ena a pa intaneti amangodula okha osakuuzani, ndiye lembani pena kaye, muwerenge mawu, kenako mukopere. Ngati apereka mafunso awoawo yankhani funso lililonse palokha momwe lafunsidwira, osangoduladula kalata imodzi nkumwaza mmabokosi. Ndipo za kukopera kalata ya munthu amene anapambana chaka chatha, kapena kulipira wina pa boma kuti akulembereni, zisiyeni. Ambiri amayeza ngati mawu anabedwa kwina, komanso mukadzafika pa intaviyu adzakufunsani kuti amayi okana aja munatani nawo, ndipo amene nkhani ndi yake amayankha osaganiza kawiri.

Okulemberani umboni muwauze msanga, mwezi wathunthu tsiku lotsekera lisanafike, ndipo muwatumizire kalata yanuyo kuti zomwe alembe zigwirizane ndi zanu. Mmodzi akhale lekichala amene anakuyang'anirani pulojekiti ya chaka chomaliza, winayo akhale munthu amene anakuonani mukugwira ntchito, kaya amene ankakuyang'anirani ku intenishipu kaya mlangizi uja. Bwana wa udindo waukulu amene sakukudziwani amangolemba mizere itatu yoti ndinu mwana wakhalidwe, siithandiza. Mukamaliza mupatse anthu awiri awerenge, wina wodziwa Chingerezi akonze zolakwika, wina wosadziwa zaulimi mumufunse kuti wamvapo chani, akalephera kukubwezerani nkhani ya matumba ija mmawu ake ndiye kuti penapake simunamveke. Potumiza musadikire tsiku lomaliza, netiweki ya kwa Mkanda mukuidziwa nokha, komanso nthawi yotsekera amaika ya kwawo osati yathu, ndibwino kukwera kupita pa boma kudakali masiku atatu kapena anayi. Mukalemba ndime ya kalabu ija iponyeni mugulu muno mutachotsa maina a anthu, tikuthandizani kuisula.