Apongozi akamadzudzula chilichonse, awayankhe ndani?

"Apongozi anga anabwera kudzatithandiza mwana atabadwa, pano patha miyezi inayi. Nsima yanga akuti siipsa, mwana akuti ndikumukhalitsa ndi njala, ndikagula nyama akuti ndikumwaza ndalama za mwana wawo. Amuna anga amangoti ndipirire. Nditani kuti banja langa lisagwedezeke?"

Mayi, woyenera kulankhula ndi apongozi anu ndi mwana wawo. Iye akanena kuti "amayi, izi zisiyeni," limakhala pempho. Mawu omwewo akatuluka pakamwa panu amasanduka mwano, ndipo dzuwa lisanalowe alamu anu onse amva.

Koma musamusenzetse zonse. Za kukhitchini zigonjereni. Apatseni mthiko, munene kuti, "Amayi, tandionetsani mmene mumaphikira kwanu." Kawirikawiri mayi wodzudzula mphika amakhala akufuna malo m'nyumba ya mwana wake, ndiye apatseni ntchito yawoyawo, monga nsima yamadzulo.

Za mwana ndi zina. Ngati akufuna kumupatsa phala, madzi kapena mankhwala azitsamba asanakwane miyezi isanu ndi umodzi, pamenepo musagonje ngakhale pang'ono, chifukwa pa msinkhu umenewu amafunika kuyamwa mwakathithi. Musatsutsane nawo pakhomo. Pitani nawo kusikelo, mufunse namwino iwo ali pomwepo.

Zotsala, zokunyozani pa anthu ndi zolowerera ndalama, n'zimene mupite nazo kwa amuna anu. Osati atangofika kuchokera kuntchito, osatinso mtima uli m'mwamba. Dikirani muli awiri kuchipinda, mutchule chinthu chimodzi, tsiku lake ndi pempho limodzi: "Bambo a mwana, Loweruka amayi ananena pamaso pa alendo kuti ndimawononga ndalama zanu. Zinandipweteka. Chonde muwauze kuti zogula timagwirizana tonse." Mukayamba ndi "amayi anu nthawi zonse," mwaluza, pakuti palibe mwana amene amamva mayi ake akunenedwa osawaikira kumbuyo. Musamuuzenso kuti asankhe pakati pa inu ndi iwo.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mwamuna amakanena kuti, "Mkazi wanga akudandaula." Wakuperekani ameneyo. Anene ngati zochokera mwa iye yekha: "Amayi, nyama ija ndinatuma ndine." Mudzadziwa kuti zinalakwika mukaona apongozi akungokhala chete inu mukalowa, kapena akukana chakudya chanu.

Mugwirizanenso za tsiku lobwerera kumudzi. Iye ndiye awauze, kudakali milungu iwiri kapena itatu, ndipo muwaperekeze ndi ulemu: chitenje, shuga, sopo ndi ndalama yoyendera.

Pakatha mwezi osasintha kanthu, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Musathamangire kwa amayi anu kapena pagulu la WhatsApp la pachibale, chifukwa inu mudzakhululuka koma abale anu sadzaiwala. Kwa ankhoswe kanenani zochitika ziwiri kapena zitatu ndi chimene mukufuna chisinthe, basi.