Mashelefu adzaza koma m'dilowa mulibe ndalama: kodi ndikupindula?

"Ndili ndi kagolosale. Ndimalemba ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo m'Malichi zotuluka zinaposa zolowa ndi K110,000, chonsecho malonda anayenda. Wina akuti ndikuwerengera njira yolakwika. Njira inayo ndi iti?"

Njira yanuyo ndi ya kashi: mumalemba tsiku limene ndalama yagwiridwa m'manja kapena yalowa pafoni. Inayo, imene a maakaunti amaitcha akiruwo, imalemba malonda tsiku limene katundu wachoka m'shopu, kaya walipiridwa kaya ayi, ndipo chilichonse chimene mwawononga chimawerengedwa m'mwezi umene chagwira ntchito.

Tiyerekeze kuti Malichi anayenda chonchi. Mwagulitsa za K900,000 pakashi, mwakongoza za K150,000, ndipo okongola a m'Febuluwale abweza K60,000. Mwapikula katundu wa K950,000 n'kulipira lendi ya miyezi itatu, K120,000. Panjira ya kashi zalowa K960,000, zatuluka K1,070,000, ndiye K110,000 yoperewera ija.

Panjira ya akiruwo malonda a Malichi ndi K1,050,000, chifukwa zokongoza zija ndi malonda ndithu, pomwe K60,000 ija inawerengedwa kale m'Febuluwale. Lendi ya mwezi uno ndi K40,000 yokha. Pofunika kudekha ndi pa katundu, popeza si zonse zimene munapikula zagulidwa. Ngati mwezi unayamba muli katundu wa K300,000 n'kutha muli wa K400,000, wogulitsidwayo munamugula pa K850,000: kuphatikiza woyamba naye ndi wopikula, n'kuchotsa wotsala. Mukachotsa K850,000 ndi K40,000 pa K1,050,000, phindu ndi K160,000.

Kusiyana kwa K270,000 sikunasowe. K100,000 ili pamashelefu, K90,000 yawonjezeka pa ngongole za makasitomala, K80,000 ili kwa eni nyumba ngati lendi ya Epulo ndi Meyi.

Ambiri amalakwa powerengera katundu wotsala pa mtengo wogulitsira. Muziwerengera pa mtengo wopikulira, apo ayi mudzalemba phindu la shuga amene sanagulidwe. Ena amalemba ngongole ngati malonda pokongoza, n'kuilembanso tsiku lobweza. Mudzazindikira zimenezi malonda a m'buku akamakwera mwadzidzidzi kumapeto kwa mwezi anthu akalandira, katundu asanatuluke wochuluka.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi: K160,000 imeneyo simungapite nayo kokapikula. Mukaitapa yonse kukagwiritsa ntchito kunyumba, mwadya mpamba. Ndipo ngongole imene mwaona kuti sibwereranso muichotse pa phindu ngati ndalama yotayika, isamangokongoletsa buku.

Buku la kashi musalisiye, ndi limene limakuuzani ngati mawa mungakwanitse kuoda. Onjezani kabuku ka ngongole, kokhala ndi dzina, tsiku, ndalama ndi zimene zabwezedwa, kuphatikizapo zimene inuyo mwakongola kuholoselo, ndipo tsiku lomaliza la mwezi muziwerenga katundu yense mukatseka shopu.