Chifukwa chake foni imatembenuka yokha ukaiponya m'mwamba

"Achimwene, ndili ku Ulongwe. Ndikaponya foni yanga m'mwamba kuti igudubuzike, mutu kupita kumiyendo, imagwera m'manja galasi lili pansi, pomwe ndinaiponya galasi lili m'mwamba. Ndikaizunguza njira zina sichita zimenezi. Anzanga akuti ndi dzanja langa lokhota, ena akuti ndi mphepo. Zoona ndi ziti?"

Dzanja lanu lili bwinobwino, ndipo mphepo ilibe mlandu. Chinthu chilichonse cholimba chokhala ngati bokosi, chimene mulitali, mulifupi ndi kuchindikala kwake n'zosiyana, chimachita zomwezo. Koma poyesa siyani foni, ingasweke. Tengani buku lachikuto cholimba, mulimange ndi mphira kuti lisatseguke, ndipo mulembe chizindikiro pachikuto chakutsogolo.

Bukulo lingazungulire pa maekiselo atatu, onse odutsa pakati pake. Yoyamba imatsata mulitali, kuchokera kumutu kufika kumiyendo. Yachiwiri imadutsa chopingasa, kuchokera kumsana kwa buku kufika kumene limatsegukira. Yachitatu imaboola chikuto n'kutulukira kuseri. Pa yoyamba ndi yachitatu bukulo limazungulira mwaulemu, mwina kunjenjemera pang'ono chabe. Yachiwiri ndiyo ya funso lanu.

Chimene chimasiyanitsa maekiselowa ndi kutalika kwa pamene kulemera kwakhala kuchokera pa ekiselo. Kulemera kukakhala kutali, chinthu chimavuta kuchizunguza, chimavutanso kuchiimitsa. Tiyerekeze foni ya masentimita 15 mulitali, 7 mulifupi ndi 1 kuchindikala, kulemera kwake kuli kofanana ponseponse. Pa ekiselo iliyonse timatenga mbali ziwiri zimene sizikutsata ekiseloyo, iliyonse kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kenaka kuphatikiza:

```
I1 = 7×7 + 1×1   = 50
I2 = 15×15 + 1×1 = 226
I3 = 15×15 + 7×7 = 274
```

Manambala enieni amafuna kuchulukitsidwanso ndi kulemera kwa foni n'kugawidwa ndi 12, koma pano tingofuna kuwayerekeza. Onani kuti 226 ali pakati pa anzake. Vuto lonse lagona pa kukhala pakatiko.

Nachi chimene chimachitika foni ili m'malere. Ikamagudubuzika pa ekiselo yachiwiri, mutu ndi miyendo ndizo zimayenda ulendo waukulu, ndipo n'zovuta kuzipatutsa pa njira yawo. Mbali ziwiri za m'mphepete, kumene kumakhala mabatani, zili pa ekiselo penipeni. Tsono palibe munthu angaponye ndendende. Foni imachoka m'manja itapendekeka pang'ono, ndiye mbali ina ya m'mphepete imakhala itakwera pang'ono pamwamba pa ekiselo, inzake itatsika. Chilichonse chimene chachoka pa ekiselo pamene chinthu chikuzungulira chimafuna kuthawira kunja, ndipo chikatalikira, kukokako kumakulanso. Njira yothawira ilipo yosavuta: foni ingopotoloka pa ekiselo ya mulitali, ija ya 50, yopepuka kuposa zonse. Choncho kupendekeka kumabala kupendekeka kwina. Mphepete zija zimafika patali pomalizira, foni itaima cham'mbali, koma zafika ndi liwiro, siziima. Zimapitirira, kukoka kuja n'kumazibweza pang'onopang'ono, mpaka zikafikanso pafupi ndi ekiselo zitasinthana malo. Pamenepo galasi lili pansi.

Pa ekiselo yachitatu zinthu zimayenda mosiyana. Mphepete zili kale kutali monga momwe zingathere, ndiye foni ikapendekeka, kukoka komweko kumazibwezera pamalo pake.

Pali njira ina yoonera nkhaniyi imene ine ndimaikonda kwambiri, chifukwa imafotokoza maekiselo onse atatu nthawi imodzi. Foni ikachoka m'manja, palibe chimene chikuipotokola, pakuti mphamvu yokokera pansi imagwira ngati pakatikati pake. Kuchuluka kwa kazunguliridwe kamene mwaipatsa sikusintha, nayonso mphamvu imene mwaikamo sichepa kapena kuchuluka. Ganizani za munthu amene akuyenda m'mapiri a kuno ku Angonia, koma lamulo lake n'lotsata kalozera, osakwera, osatsika. Akayambira pafupi ndi nsonga ya phiri, angozungulira kansongako. Akayambira pafupi ndi pansi pa dzenje, angozungulira pomwepo. Koma akayambira pampata pakati pa mapiri awiri, kalozera amutenga ulendo wozungulira phiri lonse. Ekiselo ya mulitali ndiyo nsonga, chifukwa pa kazunguliridwe kofanana imafuna mphamvu yambiri kuposa zonse. Yoboola chikuto ndiyo dzenje. Yopingasa ndiyo mpata.

Mwina munganene kuti, nanga ndikaphunzira kuponya mosamala kwambiri? Masamu a Leonhard Euler, a zaka za m'ma 1700, amatiuza liwiro limene kupendekeka kumakulira. Apa k ndiye liwiro limenelo, ndipo ω ndi liwiro la kuzungulira:

```
k = ω × √[ (I2−I1)(I3−I2) / (I1×I3) ]
```

Pa foni yathu ndi 176 kuchulukitsa ndi 48, kugawa ndi 13,700, ndipo muzu wa zimenezo ndi pafupifupi 0.79. Tanthauzo lake n'lakuti kupendekeka kukangoyamba kukula, kumachulukitsidwa pafupifupi ka 12 pa theka lililonse la kugudubuzika, ndi pafupifupi ka 140 pa kugudubuzika kwathunthu. Kupendekeka kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri, kumene diso silingaone, kumakhala kwafika madigiri 14 foni itagudubuzika kamodzi, ndipo isanamalize kachiwiri yatembenuka. Kuponya mwamphamvu sikuthandiza, chifukwa kukulako kumathamanga limodzi ndi kuzungulira.

Masamu omwewa akusonyeza pamene zimenezi sizichitika. Manambala awiri akafanana, kuchotsera kuja kumapereka 0. Yesani batire la tochi kapena kandulo: ligudubuzika bwinobwino, popeza lilibe ekiselo yapakati.

Nkhaniyi ndi yakale. Louis Poinsot wa ku Faransa anaifotokoza mu 1834. Osewera tenisi amaidziwa, chifukwa chomenyera mpira wawo akachiponya kuti achigwirenso pachigwiriro chimabwera nkhope itatembenuka, ndipo mu 1991 akatswiri a masamu anasindikiza kafukufuku wa chomenyeracho. Koma umboni wothetsa mkangano wa anzanu ndi wa mu 1985. Vladimir Dzhanibekov, ali m'chombo cha m'mlengalenga cha Salyut 7, anaona nati yamapiko itamasuka pa bawuti n'kuyandama ikuzungulira. Inazungulira kanthawi, n'kutembenuka, kuzunguliranso, n'kutembenukanso, mobwerezabwereza. Palibe dzanja limene linkaikhudza. Buku lanu likanachita chimodzimodzi likanakhalitsa m'malere. Limangogwa msanga, n'chifukwa chake mumaona kutembenuka kumodzi.

Chenjezo limodzi poyesa: zonsezi ndi za chinthu cholimba, chopanda zogwedezeka m'kati. Mukakhala zogwedezeka, mphamvu imatayika pang'onopang'ono, lamulo la kalozera limasweka, ndipo chinthu chimatsikira kudzenje. Zinachitikira setilaiti ya Explorer 1 mu 1958. Anaizunguza pa ekiselo ya mulitali, koma mawaya ake ofewa a wailesi ankagwedezeka n'kumadya mphamvu, ndipo posakhalitsa inayamba kugudubuzika mutu kupita kumiyendo. N'chifukwa chake ndati bukulo mulimange zolimba, ndipo mukasankha bokosi la machesi, muchotsemo machesi onse kaye.