Khoma la golosale ndi chiboliboli chokweza chala pa zithunzi za malemu bambo

"Abale ndithandizeni. M'sutikesi ya malemu bambo anga, amene anatisiya mu 2014, tapezamo zithunzi ziwiri. Pa china aima pakhonde la golosale, kukhoma kukuoneka zilembo zoti 'ain' ndi chojambula cha mayi atasenza dengu. Pa chinacho aima pafupi ndi chiboliboli cha munthu wovala zausilikali atakweza chala m'mwamba. Bambo ankayenda kwambiri pa geni koma sankanena kumene akupita. Ndingadziwe bwanji malo amenewa? Komanso ndani angakonze chithunzi chofwifwa kuno ku Mulanje?"

Achemwali, pepani ndi za bambo. Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani ndi kupenta masitolo, ndakhala pa Chitakale zaka zoposa makumi awiri, ndiye ndiyankha za khoma ndi chiboliboli chifukwa ndi zimene ndimagwira ndi manja. Amene angakuuzeni kuti "ingoikani pa Google Lens", chida cha Google chofufuzira pogwiritsa ntchito chithunzi, sakunama, koma akusiyani panjira. Mukaika chithunzi chonse mmene chililimu, ikubweretserani magolosale a ku Kenya ndi ku Zambia, bandulo n'kuthera pomwepo.

Tiyambe ndi "ain" uja. Ameneyo ndi Zain. Kampani ya mafoni imene lero timaitcha Airtel inali Celtel poyamba, ya utoto wofiira ndi wachikasu. Mu 2008 inasintha n'kukhala Zain, ndipo chakumapeto kwa 2010 inakhala Airtel. Nthawi ya Zain inali yaifupi choncho, ndipo n'chifukwa chake khoma limeneli ndi mboni yabwino: chithunzicho sichingakhale chakale kuposa 2008. Koma samalani, penti sachoka tsiku limene kampani yasintha dzina. M'matauni ankafufuta msanga, pomwe kumidzi makoma ena anakhala ndi dzina lakalelo zaka zingapo. Ndiye yang'anitsitsani utotowo. Ngati ukuwala ndipo zilembo zili ndi m'mphepete mosongoka bwino, chithunzicho n'cha pakati pa 2008 ndi 2010. Ngati wasuluka, pansi pakhoma pali matope othovukira ndi mvula, pena pakuoneka laimu wakale, onjezerani zaka ziwiri kapena zitatu. Kuno kwathu mvula ndi chiperoni zimadya penti msanga kuposa kuchigwa, makamaka khoma losatetezedwa ndi khonde.

China chimene "ain" akukuuzani: Zain kunalibe ku Mozambique. Kumeneko makoma a nthawi imeneyo anali a mcel wachikasu ndi Vodacom, kenako mu 2012 kunabwera Movitel. Choncho chithunzi cha golosale sichinajambulidwe tsidya la Muloza.

Koma apa ndi pamene anthu amagwera m'mbuna. Khoma la kampani limakuuzani nthawi, silikuuzani malo. Ife tikapatsidwa ntchito yotere timapatsidwa utoto womwewo, zilembo zomwezo ndi muyeso womwewo, kaya ndi ku Limbuli, ku Luchenza kapena ku Karonga. Chimene chimaulula malo ndi zimene mwini golosale analipira yekha, ndipo pa chithunzi chanu ndi mayi wa dengu uja. Ameneyo anajambulidwa ndi munthu mmodzi, ndi dzanja lake, ndipo palibe wina wofanana naye ndendende.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira, chifukwa mpaka lero zimandiwawa. Azakhali anga anandipatsa chithunzi cha mwana wawo amene anachoka pamudzi osatsanzika. Anaima kutsogolo kwa okala yolembedwa dzina la aja ofala, a mtundu wa Chisomo kapena Tiyanjane. Ndinalemba dzinalo pa Facebook, ndinapeza sitolo ya dzina lomwelo ku Balaka, utoto ukufananako, basi mtima unathamanga. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, ina mpaka ku Balaka. Kufika, sitolo yake ya mawindo awiri, pomwe ya pachithunzi inali ya windo limodzi la mawaya. Tsiku lonse linapita, ndalama ya thiransipoti ndi chakudya inali ngati ya zigubu ziwiri za penti. Nditabwerera ndinakhala pansi ndi galasi lokuzira, ndipo pakona yakumanja pansi pakhoma, pafupi ndi phazi la mnyamatayo, panali timalemba tating'ono: dzina la wojambula ndi nambala ya foni. Ine wolemba zikwangwani, amene ndimasaina pakona pomwepo tsiku ndi tsiku, sindinayang'anepo. Ndinaimba. Anayankha bambo wachikulire, ndinamufotokozera chojambulacho, iye n'kunena msika wake nthawi yomweyo. Unali wa ku Thyolo, pafupi pompano, mtunda wa kabaza kuchokera pamsewu waukulu.

Ndiye inu yambirani pamenepo, pansi pa mapazi a mayi wa dengu ndi m'makona onse a khoma. Mukapeza nambala, iwerengeni. Ikakhala ya manambala 8, yoyamba ndi 09 kapena 08, ndi yakale, ya nthawi imene manambala anali asanatalikitsidwe mu 2009. Musaitaye. Ya 09 ikani 99 pambuyo pa ziro kuti iyambe ndi 0999, ya 08 ikani 88 kuti iyambe ndi 0888, kenako imbani. Mwina mwini wake anasiya nambalayo ndipo ayankha wina, koma kuyesa ndi mayunitsi a K500 chabe. Ngakhale nambala palibe, onetsani chithunzicho kwa olemba zikwangwani achikulire. Timadziwana manja. Wina amajambula maso aakulu, wina zilembo zake zimapendekera kumanzere, wina salephera kuika mthunzi wakuda kuseri kwa chilembo chilichonse. Dengunso liyang'aneni: ngati lili kumsana ndipo muli masamba obiriwira, ndi wothyola tiyi, ndipo wojambula zotere nthawi zambiri ndi wa kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo, ngakhale tiyi alikonso ku Nkhata Bay. Ngati lili pamutu ndipo muli nsomba, ganizani za kunyanja ya Chilwa kapena ku Mangochi. Koma chimenechi ndi chongokulozerani, si umboni.

Musanafufuze kanthu pa intaneti, jambulani bwino chithunzi chapepalacho. Chiikeni patebulo pamthunzi panja, masana, osayatsa kuwala kwa foni chifukwa kumanyezimira papepala. Foni ikhale pamwamba penipeni, osati chopendekera. Jambulani chonse kamodzi, kenako yandikirani, mujambule khoma lokha, makona okha, chiboliboli chokha. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi timalemba tating'ono timasanduka phala. Tembenuzaninso pepalalo, ojambula ena ankadinda dzina la situdiyo kuseri.

Tsopano chiboliboli. Apa ndi pamene Google Lens imagwira ntchito, chifukwa ziboliboli n'zochepa ndipo anthu ambiri anazijambula kale. Tsegulani Google pafoni, dinani kachizindikiro ka kamera, sankhani chithunzi, kenako kokani makona a bokosi kuti mutsale chiboliboli chokha, bambo akhale kunja. Koma mmene mwafotokozeramu, zovala zausilikali ndi chala m'mwamba, ine ndikuganiza kuti ndi Samora Machel, mtsogoleri woyamba wa Mozambique. Si cha Kamuzu cha ku Area 18 ku Lilongwe, chifukwa icho chavala suti ndipo chagwira litchowa. Ndipo kwa munthu wa geni wa ku Mulanje, kuoloka pa Muloza kulowa Milange si nkhani yachilendo.

Chenjezo langa lalikulu lili apa. Lens ikakuuzani kuti Samora, pafupifupi zithunzi zonse zimene ikuonetseni zikhala za ku Maputo, chifukwa ndi kumene alendo amajambula kwambiri. Musathamangire kunena kuti bambo anafika ku Maputo. Samora anafa pa ngozi ya ndege pa 19 Okutobala 1986, ndipo mu 2011, pokumbukira kuti patha zaka 25, boma la kumeneko linaimika chachikulu ku Maputo komanso zina zocheperapo m'malikulu a zigawo. Nkhope imodzi, mizinda yosiyana. Ndi nkhani ya okala yanga ija, koma ya chitsulo.

Kuti musiyanitse, siyani nkhope, yang'anani zinthu zitatu izi pamodzi: kukula, nsanja imene chaimapo, ndi zimene zili kumbuyo. Cha ku Maputo n'chachitali pafupifupi mamita 9, chili pakati pa bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi msewu, kumbuyo kwake kuli nyumba yakale ya khonsolo ya mzinda, chapambali tchalitchi choyera cha nsanja yosongoka. Munthu akaima pamenepo amaoneka ngati kamwana. Ngati bambo akuoneka aakulu ndithu pafupi nacho, si chimenecho, ngakhale ku Maputo komweko kulinso china chakale chocheperapo pafupi ndi munda wa maluwa wa Tunduru. Ine ndikanayambira ku Quelimane, likulu la Zambezia, chifukwa Milange ili m'chigawo chimenecho, kenako Nampula, Tete ndi Lichinga. Fufuzani m'Chipwitikizi, Chingerezi chimabweretsa zochepa:

```
estátua Samora Machel Quelimane
estátua Samora Machel Nampula
```

Dinani Images, muike chithunzi chanu pambali. Werengani masitepe a nsanja, onani ngati ndi yamakona anayi kapena yozungulira, ya matailosi kapena ya konkire yopentedwa, onani mpanda wake. Mitengo musaidalire, imakula ndipo imadulidwa. Denga ndi mawindo a nyumba yakumbuyo ndiye sizinama. Pakhale zinthu zosachepera zitatu zogwirizana musanakhulupirire. Ngati pansanja pakuoneka kachitsulo kolembedwa, kajambuleni pafupi, pamakhala tsiku lotsegulira, kawirikawiri ndi dzina la mzinda. Chikakhala cha gulu la 2011 lija, mwapeza kuti ulendowo unali pakati pa 2011 ndi 2014, ndipo mwina ndi ulendo wosiyana ndi wa golosale. Bandulo ya K2,000 kapena kuposerapo pang'ono ikwanira zonsezi ngati simutsegula makanema.

Kwa ena amene muli ndi zithunzi za pasukulu, makoma a pulayimale ndi osavuta kuwerenga. Mbendera ya dzuwa loyera lathunthu pakati inagwira ntchito kuyambira 2010 mpaka 2012 basi. Mapu a Malawi opanda Phalombe ngati boma palokha anakopedwa ku mapu akale, chifukwa Phalombe anachoka ku Mulanje mu 1998.

Chomaliza achemwali, musaike zithunzizi m'magulu ambiri nkhope ya bambo ikuoneka, n'kulemba kuti mukufuna kudziwa kumene ankapita. Kutuluka anthu onena kuti amawadziwa, ena ofuna ya thiransipoti kuti akakulozereni. Dulani, muike khoma lokha, mufunse kuti ndani akudziwa golosale iyi, ndipo amene wayankha akutumizireni chithunzi cha malowo mmene alili lero musanakwere galimoto. Mayi wa dengu uja ndi makona awiri apansi nditumizireni kuno, ndikaonetse anzanga awiri achikulire amene ankapenta cha ku Luchenza ndi ku Limbuli nthawi ya Zain.