Msonkho wa 10, mtengo wakwera ndi 20: kodi n'zotheka kwa wogulitsa amene ali yekha pamsika?

"Ndikukonzekera mayeso a phunziro la zachuma. M'kalasi tinapeza kuti boma likaika msonkho pa chinthu chilichonse chimene kampani yopanda wopikisana nayo yagulitsa, mtengo umakwera ndi theka la msonkhowo. Koma pa funso lina lokonzekerera mayeso yankho lake likuti mtengo unakwera kuposa msonkho. Ndiloweze liti pa awiriwa?"

Musaloweze lililonse, chifukwa mayankho onse awiri ndi olondola, ndipo onse amachokera pa lamulo limodzi. Chimene chimawasiyanitsa ndi kaonekedwe ka mzere wosonyeza kuchuluka kwa katundu amene ogula amafuna pa mtengo uliwonse. Mukamvetsa mmene lamulolo limagwirira ntchito, mudzatha kuwerengetsa nokha ngakhale wolemba mayeso atasintha manambala.

Kampani yomwe ili yokha pamsika, imene akatswiri a zachuma amaitcha monopoly, imaonjezera katundu wake mpaka pamene ndalama zimene chinthu chimodzi choonjezera chikubweretsa zafanana ndi ndalama zimene yawononga pochipanga. M'mabuku zoyambazo amazilemba kuti MR, zachiwirizo MC. Chofunika kukumbukira n'chakuti MR imakhala yochepa kuposa mtengo wogulitsira, popeza kuti kampaniyo igulitse chinthu chimodzi china iyenera kutsitsa mtengo wa zinthu zonse, ngakhale zija zimene anthu akanagula pa mtengo wakale. Msonkho wolipiridwa pa chinthu chilichonse sukhudza ogula mwachindunji, koma umangokweza MC ndi ndalama yofanana ndi msonkhowo. Choncho kampani imachepetsa katundu ndi kukweza mtengo kufikira MR nayo itakwera ndi ndalama yomweyo. Funso lonse lagona pamenepa: kodi mtengo uyenera kukwera motani kuti MR ikwere ndi kuchuluka kwa msonkho?

Tiyambe ndi chitsanzo chofanana ndi cha m'kalasi mwanu, cha mzere woongoka. Tinene kuti P ndi mtengo, Q ndi kuchuluka kwa katundu, ndipo kupanga chinthu chimodzi kumadya 20 nthawi zonse.

```
P = 100 - Q
MR = 100 - 2Q
MC = 20
```

Msonkho usanabwere kampani imagulitsa zinthu 40 pa mtengo wa 60, ndipo phindu lake ndi 1,600. Boma likaika msonkho wa 10, MC imafika pa 30, katundu amatsika kufika pa 35, mtengo n'kukhala 65. Wogula walipira 5 yoonjezera, 5 inayo yachoka pa phindu la kampani. Chifukwa chake chimaoneka mukayerekeza mizere iwiriyo: katundu akachepa ndi chimodzi mtengo umakwera ndi 1 koma MR imakwera ndi 2, ndiye kuti mtengo ukangokwera ndi 5, MR yakwera kale ndi 10 yonse imene imafunika. Theka limeneli silidalira manambala amene ndasankha. Limatuluka nthawi zonse pamene mzere wa ogula uli woongoka ndipo MC sisintha.

Funso lachiwirilo liyenera kuti linagwiritsa ntchito mzere wopindika, umene kukhudzidwa kwa ogula ndi mtengo kumakhala chimodzimodzi paliponse. Kukhudzidwaku amakulemba ndi chilembo e, ndipo e ikakhala 2 zikutanthauza kuti mtengo ukakwera ndi 1 peresenti, katundu wogulidwa amatsika ndi pafupifupi 2 peresenti, kaya mtengo uli wotsika kaya wokwera. Pa kampani yotere, ubale wa MR ndi mtengo ndi uwu:

```
MR = P(1 - 1/e)
P = MC × e/(e - 1)
```

Mzere wachiwiriwo ukunena kuti kampani imapeza mtengo pochulukitsa MC ndi nambala inayake, ndipo nambalayo imaposa 1 nthawi zonse. Ngati e ili 2, nambalayo ndi 2. MC ikakhala 20 mtengo ndi 40, ndipo msonkho wa 10 ukafikitsa MC pa 30 mtengo umafika pa 60. Msonkho nawo wachulukitsidwa limodzi ndi ndalama zina zonse zopangira katundu. Mwa njira ija tinaonera chitsanzo choyamba, pano MR ndi theka la mtengo, kotero kuti MR ikwere ndi 10 mtengo uyenera kukwera ndi 20. Ngati e ikanakhala 3, mtengo ukanachoka pa 30 kufika pa 45, ndipo ikanakhala 5 ukanachoka pa 25 kufika pa 37.5. Kupyolako kumacheperachepera pamene e ikukula, koma sikutha.

Ophunzira ambiri akaona yankho limeneli amalikayikira, ndipo kukayikako kuli ndi maziko. Amafunsa kuti, ngati kampani ingathe kugulitsa pa 60, n'chifukwa chiyani sinagulitse pa 60 kuyambira kale? Tiyeni tiike manambala pa mzere wa ogula umene e yake ili 2 kuti tione.

```
Q = 144000 / P²
```

Pa mtengo wa 40 anthu amagula zinthu 90, pa 50 amagula 57.6, ndipo pa 60 amagula 40. Msonkho usanabwere, mtengo wa 40 umasiya phindu la 20 pa chinthu chilichonse, lonse pamodzi 1,800, pamene mtengo wa 60 ukanasiya 40 pa chilichonse mwa zinthu 40, ndiye 1,600 basi. Apa n'zoonekeratu kuti 40 ndiwo unali mtengo wabwino. Msonkho utabwera, kampani ikakweza ndi 10 yokha n'kugulitsa pa 50 ipeza 20 kuchulukitsa ndi 57.6, yomwe ndi 1,152, koma ikagulitsa pa 60 ipeza 30 kuchulukitsa ndi 40, yomwe ndi 1,200. Chasintha n'chakuti kasitomala aliyense amene wathawa amapulumutsa kampani ndalama zokwana 30 m'malo mwa 20, choncho kutaya makasitomala sikukuiwawa ngati kale, ndipo kukweza mtengo kwambiri kwakhala njira yochepetsera kuluza.

Onetsetsani bwino manambala omalizawa, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amatayira malikisi. Phindu pa chinthu chimodzi lakwera kuchoka pa 20 kufika pa 30, koma phindu lonse latsika kuchoka pa 1,800 kufika pa 1,200. Wolemba kuti kampani yapindula ndi msonkho chifukwa mtengo wakwera kuposa msonkhowo walakwitsa. Monopoly singapindule ndi msonkho wotere, pakuti mtengo uliwonse umene ingasankhe tsopano ikanatha kuusankha kale, ndipo kalelo ikanapeza ndalama zochuluka popanda kulipira boma. Boma nalo latolera 400 yokha, pa zinthu 40 zija, pamene phindu la kampani lachepa ndi 600, ogula amene atsala akulipira 20 yoonjezera pa chinthu chilichonse, ndipo zinthu 50 sizikugulidwanso.

Pali cholakwika china chimene chimagwira makamaka ophunzira akhama, aja amene aloweza bwino njira yochulukitsira ija. Amabwerera ku chitsanzo cha mzere woongoka, n'kupeza kuti pa mtengo wa 60 ndi katundu 40 e ndi 1.5, n'kuwerengetsa kuti nambala yochulukitsira ndi 3, kenako n'kulemba kuti msonkho wa 10 ukweza mtengo ndi 30. Nambala ya 3 ndi yoona pa malo amenewo, popeza 20 kuchulukitsa ndi 3 ndi 60. Vuto n'lakuti pa mzere woongoka e siima malo amodzi. Mtengo ukafika pa 65 ndipo katundu n'kukhala 35, e imakhala yakwera kufika pafupifupi 1.86, ndipo nambala yochulukitsira yatsika kufika pafupifupi 2.17. Ogula ayamba kuthawa msanga pamene mtengo ukukwera, ndipo zimenezi n'zomwe zimaletsa kampani kukankhira msonkho wonse kwa iwo. Ine ndimaona kuti mfundo iyi ndiyo yoyenera kuigwira kuposa zina zonse: chimene chimalamulira kukwera kwa mtengo si kukula kwa e pakokha, koma liwiro limene e imakulira pamene mtengo ukukwera. Ikamakula msanga, mtengo umakwera ndi ndalama yochepera msonkho. Ikamakula pang'onopang'ono kapena osakula n'komwe, mtengo ungathe kupyola msonkho.

Pakati pa ziwirizi pali malire. Ngati kukweza mtengo ndi 1 kumachotsa peresenti yofanana ya ogula nthawi zonse, mosayang'ana pamene mtengo wayambira, kampani imaika phindu losasintha pamwamba pa MC, ndipo mtengo umakwera ndendende ndi msonkho. Mzere wopindika kuposa umenewu ndiwo umabweretsa kupyola. Pa galafu, malinga ngati MC sisintha, lamulo lake ndi ili: gawani kutsetsereka kwa mzere wa ogula ndi kutsetsereka kwa mzere wa MR, ndipo yankho lake ndilo kukwera kwa mtengo pa 1 iliyonse ya msonkho. Mzere wa MR ukatsetsereka kwambiri kuposa wa ogula, yankho limachepera 1, ndipo ukakhala wogona kuposa wa ogula limaposa 1. Nkhaniyi si yatsopano, popeza katswiri wa masamu wa ku France, Augustin Cournot, anafufuza kale za msonkho pa katundu wa monopoly m'chaka cha 1838.

Pamene mukuwerenga funso la mayeso, musanayambe kuwerengetsa, onani kaye ngati msonkhowo ulidi wa pa chinthu chilichonse. Msonkho wa ndalama imodzi yosadalira kuchuluka kwa katundu sukhudza MC, choncho susintha mtengo ngakhale pang'ono malinga ngati kampani ikupitiriza ntchito. Ngati funso lapereka e yosasintha, iyenera kuposa 1, apo ayi njira yochulukitsira ija siigwira ntchito, chifukwa kampani ikanangopitiriza kukweza mtengo popanda poimira. Ndipo ngati funso likukuuzani kuti muyerekeze ndi msika wa ogulitsa ambiri opikisana, kumeneko mtengo nthawi zambiri sukwera kuposa msonkho, umafika pa msonkho wonse pokhapokha ndalama zopangira chinthu chimodzi zikakhala zosasintha kapena ogula akakhala kuti sangachepetse kugula.

Chomaliza choti muone ndi MC yeniyeniyo. Zitsanzo zonse ziwiri zinatenga MC yosasintha, koma ikakhala kuti imakwera pamene katundu akuchuluka, kuchepetsa katundu kumaitsitsa, ndipo kutsikako kumameza gawo lina la msonkho. Yesani nokha ndi mzere woongoka uja mutaika MC = 10 + Q. Mupeza zinthu 30 pa mtengo wa 70 msonkho usanabwere, ndipo msonkho wa 10 ukweza mtengo kufika pafupifupi 73.3, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a msonkho, osati theka.